Kuchoka ku Chipata Kudzayamba Ntchito ku Lusaka: Ndalama Zokufikitsani pa Malipiro Oyamba

Ambiri akalandira kalata ya ntchito amawerengera tikiti ya basi ndi lendi ya mwezi umodzi, n'kuganiza kuti zatheka. Vuto limadzaoneka sabata yachitatu, unga uli pansi pa thumba, ya basi yatha, malipiro akadali kutali. Bajeti yosamukira siiwerengedwa ndi mwezi. Imawerengedwa ndi masiku, kuyambira tsiku lotsika basi pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka mpaka tsiku limene ndalama ya abwana yalowadi mu akaunti yanu.

Titsatira nkhani ya munthu mmodzi, wosakwatira, wochokera ku Chipata, amene wapeza ntchito kufupi ndi Manda Hill m'mbali mwa Great East Road, ndipo kalata yake ikunena K8,000 pamwezi. Mitengo ya katundu ndi ya nyumba imene tiike pano ndi yowerengera chabe, yoti muone mmene masamu ake amayendera. Inu muimbire foni wachibale amene ali mu Lusaka sabata imene mukunyamukayo, akuuzeni mitengo ya tsikulo, muiike m'malo mwa yathuyi.

Choyamba: dziwani ndalama imene idzafikedi m'manja

K8,000 ya pakalata si imene mudzalandire. Pamachoka zinthu zitatu. NAPSA, ya penshoni ija, imatenga 5 peresenti, imene ndi K400. NHIMA, ya chipatala ija, imatenga 1 peresenti, K80. Kenako msonkho wa PAYE. Malinga ndi magawo amene anayamba kugwira ntchito mu 2024, K5,100 yoyamba ilibe msonkho, kuchokera pamenepo kufika K7,100 amadula 20 peresenti, ndipo kuchokera K7,100 kufika K9,200 amadula 30 peresenti. Pa K8,000 ndiye kuti K400 kuphatikiza K270, yonse K670. Zonse zitachoka, munthu wathu atsala ndi K6,850. Nyumba, basi ndi chakudya ziyenera kuyezedwa pa K6,850 imeneyi, osati pa K8,000.

Musananyamuke, funsani a ofesi yolemba antchito mafunso awiri: amalipira pa deti yanji, ndipo mayina a olipidwa amatseka pa deti yanji. Funso lachiwirili ndi limene anthu amaiwala. Makampani ambiri amatseka mndandanda wa malipiro chapakati pa mwezi. Mukayamba ntchito atatseka kale, kapena mukachedwa kupereka chitupa cha NRC, nambala ya msonkho ya TPIN, nambala ya NAPSA ndi akaunti ya ku banki, dzina lanu limatha kudikira mwezi wotsatira. Ndalamayo siitayika, amadzaiphatikiza, koma mimba siidikira. Komanso ngati mwayamba pa 17, malipiro oyamba amakhala a masiku amene mwagwira okha, pafupifupi theka. Mapepala onsewa akonzeni mukadali ku Chipata, kumene mukudya kwaulere.

Munthu wathu ayamba ntchito pa 1 ndipo amalipira pa 30. Afika masiku anayi ntchito isanayambe kuti afunefune nyumba. Amenewo ndi masiku 34. Tiwonjezerapo sabata imodzi ndi kanthu chifukwa malipiro oyamba amakonda kuchedwa, tiwerengere masiku 42. M'masiku amenewa, opita ku ntchito ndi pafupifupi 30.

Chachiwiri: nyumba, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimathera

Lendi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yofika m'manja. Pa K6,850 malire ndi pafupifupi K2,250, ndipo ndi bwino kukhala pansi pake. Koma lendi yokha siikuuzani mtengo wa nyumba. Mu Lusaka maminibasi ambiri amathera m'tauni, pa Kulima Tower, Millennium, Lumumba kapena City Market. Ngati nyumba yanu ndi ntchito yanu sizili pa msewu umodzi, muzikwera mabasi awiri popita ndi awiri pobwera.

Tiyerekeze nyumba ziwiri. Ina ili ku Kaunda Square, zipinda ziwiri, K1,800. Kuchokera kumeneko basi imodzi ikutsitsani pa Manda Hill. Ngati ndi K15 ulendo umodzi, ndi K30 patsiku, K660 pa masiku 22 a ntchito, ndipo nyumbayo ikukudyerani K2,460 pamwezi. Ina ili ku Chawama, K1,400. Muyenera kulowa m'tauni kaye, kenako kukwera ina ya Great East Road. Tinene K27 ulendo umodzi, K54 patsiku, K1,188 pamwezi, zonse pamodzi K2,588. Yooneka yotchipa ija yadula ndi K128, osawerengera kudzuka mdima ndi kuima pamzere madzulo. Choncho yambani ndi pamene pali ntchito, muone makomboni amene basi yake imadutsa pomwepo. Wogwira ntchito ku mafakitale ayang'ane ku Matero, Lilanda ndi Emmasdale. Wa Great East Road ayang'ane Kaunda Square, Chelstone, Chainda kapena Ng'ombe.

Polowa m'nyumba, eninyumba ambiri amafuna lendi ya mwezi woyamba ndi depoziti yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi. Pa nyumba ya K1,800 ndi K3,600 tsiku limodzi. Ena amafuna miyezi itatu pakamodzi, makamaka nyumba za mumpanda zokhala ndi chimbudzi ndi bafa mkati. Pamenepo ndi K5,400 kuphatikiza depoziti, K7,200, kuposa malipiro anu onse. Nyumba yotere isiyeni kaye, ngakhale ikhale ndi matailosi owala bwanji. Lamulo la ntchito la mu 2019 limalola abwana kukuyesani miyezi itatu, ndipo akhoza kuwonjezera ina itatu. Si nzeru kukwirira ndalama zanu zonse m'nyumba ntchito isanatsimikizike.

Palinso maajenti. Amakulipiritsani ndalama yoonera nyumba, kenako mukailowa amafuna yawo. Ena amati theka la lendi, ena amatchula zina, choncho gwirizanani musanakwere naye basi. Tiike K100 yoonera, kawiri, ndi K900 yake. Ndi K1,100. Kulowa m'nyumba konse kwafika K4,700.

Lamulo limodzi lisasweke: musatumize depoziti pa foni musanaime m'nyumbamo ndi mapazi anu. Pali anthu amene amajambula nyumba za eni ake, n'kumanena kuti “pali wina akuifuna lero, tumizani kangachepe ndikusungireni.” Mukatumiza, foni imazima. Mukafika pa nyumba, funsani alendi anzanu kapena oyandikana nawo kuti mwininyumba ndani. Ndalama mupereke kwa iyeyo, osati kwa ajenti, osatinso kwa mwana wa pakhomo amene akuti adzapereka. Ngati mukulipira ndi Airtel Money kapena MTN, onani dzina limene latuluka pafoni musanaike nambala yachinsinsi, ndipo uthenga wake muusunge.

Poyang'ana nyumba musathamange. Yang'anani khoma chakumunsi, kunja ndi mkati. Mukaona mzere wofiirira wofika m'maondo, kapena penti yatsopano yopakidwa kumunsi kokha, dziwani kuti madzi amalowa nthawi ya mvula. Mbali zina za Kanyama, Misisi ndi Chawama zimasefukira chaka ndi chaka chifukwa pansi pake pali mwala ndipo madzi sachedwa kudzaza, zimbudzi zokumba n'kusakanikirana ndi madzi a pabwalo. Kolera ya mu 2017 mpaka 2018 ndi ya mu 2023 mpaka 2024 inavuta kwambiri m'makomboni otere. Wofuna nyumba mu Seputembala sangaone zimenezi, pouma paliponse, ndiye afunse mayi wogulitsa tomato pafupi kuti mu Januwale amadutsa pati. Kwezaninso maso kudenga masana, chitseko chitatsekedwa. Pamene pakulowa kuwala ndi pamene padzalowe mvula.

Kenako mita ya malaiti. Funsani ngati ndi yanu nokha kapena ya pulotu yonse. Mita yogawana ndiye gwero la mikangano yambiri: mumasonkha mofanana, koma wina ali ndi firiji, sitovu ndi makina ometera, inu muli ndi babu limodzi. Ngati ndi yogawana, funsani kuti amasonkha zingati, liti, ndipo amalola kuphikira pa magetsi kapena ayi, chifukwa yankho lake likuuzani ngati kugula sitovu kuli ndi phindu. Za madzi, tsegulani pompi muone ngati akutuluka, mufunse masiku amene amabwera, ndiponso ngati pali ngongole yakale ku kampani ya madzi. Ngongole ya mlendi amene anachoka imatha kudulitsa madzi inu mutangolowa. Werenganinso zitseko zimene zikugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi.

Mukakhutira, lembani pangano, ngakhale papepala la m'kope. Lilembedwe lendi, deti yolipira, kuchuluka kwa depoziti, zimene zingachititse kuti idulidwe, nthawi yochenjezana musanatuluke, ndi amene amalipira madzi ndi zinyalala. Nonse musaine, pakhale mboni. Jambulani ndi foni galasi losweka, loko wakufa, ming'alu ndi soketi yopsa tsiku lolowa, mutumizire mwininyumba kuti deti ioneke. Depoziti zambiri zimathera pa zinthu zimene munazipeza zili zowonongeka kale. Dziwaninso kuti depoziti si lendi ya mwezi womaliza pokhapokha mutagwirizana choncho, ndipo musaiwerengere ngati ndalama imene muli nayo.

Pemphani chinthu chimodzi chimene sichimutayitsa kanthu mwininyumba: deti ya lendi ikhale patadutsa masiku angapo kuchokera pa deti ya malipiro. Mukalowa pa 28 ndipo lendi n'kumayendera 28, mwezi uliwonse adzagogoda masiku awiri ndalama isanalowe. Nenani mwaulemu: “Bambo, ine amandilipira pa 30. Ndilipire masiku owonjezerawa lero, lendi iziyendera pa 5.” Ambiri amavomera, chifukwa nawonso safuna kuthamangitsana ndi mlendi.

Chachitatu: ulendo

Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ulendo wa tsiku lathunthu kudzera ku Katete, Petauke, Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa. Kwerani basi ya m'mamawa kuti mufike kukuwala. Kufika usiku pa Intercity ndi katundu kumakukakamizani kulipira takisi mtengo uliwonse umene atchule. Tiike tikiti K400, katundu wa pansi pa basi K150, chakudya cha panjira K50, ndi takisi yochokera pa Intercity K150. Mtengo wa katundu mugwirizane asanauike m'basi, ndipo mulandire lisiti. Anyamata othamangira kukunyamulirani chikwama pa siteshoni si aulere, choncho gwirani katundu wanu mpaka mutadziwa amene mukupita naye.

Masiku ofuna nyumba mudzagona kwa wachibale kapena mnzanu. Ikani K300 yoti mugulire ndiwo kapena mayunitsi a malaiti pakhomopo, chifukwa ku Lusaka mbale iliyonse ndi yogula, ndipo mlendo wobwera chimanjamanja amalemera msanga. Onjezani K150 ya mabasi ozungulira poona nyumba, ndi K200 yonyamulira matilesi ndi zina kupita ku nyumba yatsopano. Ulendo wonse ndi K1,400.

Bedi, kabati ndi mipando ya kumudzi zisiyeni. Kuzinyamula makilomita 570 kumadya ndalama yoyandikira mtengo wake, zimafika zitathyoka miyendo, ndipo simukudziwa ngati zidzalowe pachitseko cha nyumba imene simunaione. Zoyenera kulowa m'chikwama cha ukwa ndi zopepuka koma zodula kugula: bulangeti, mashiti, mapoto, mbale, zovala za ku ntchito ndi nsapato.

Chachinayi: katundu wa m'nyumba

Funso lake ndi ili: popanda chinthu ichi, kodi ndilephera kugona, kuphika, kusamba kapena kuoneka bwino ku ntchito? Ngati yankho ndi ayi, chidikire malipiro achiwiri.

Matilesi ndiye chachikulu, tiike K1,300. Apa musaumire kwambiri. Siponji yopyapyala yotchipa imaphwa m'miyezi yochepa, n'kugulanso ina. Itsindikeni ndi chibakera: ikabwerera msanga ndi yolimba, ikasiya dzenje isiyeni. Bedi si lofunika mwezi woyamba. Yalani mphasa kapena makatoni pansi pa matilesi, ndipo muziiimika kukhoma m'mawa, chifukwa simenti imatulutsa chinyezi ndipo pansi pa matilesi pamachita nkhungu, makamaka nthawi ya mvula ndi mu Juni. Ikadzakwana nthawi ya bedi, akalipentala a ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road amapanga mabedi, matebulo ndi mashelefu. Gulani chimene chapangidwa kale, chimene mukuchiona. Kupereka ndalama ya oda kumatanthauza maulendo angapo okakumbutsa.

Zophikira zikhale ziwiri ngati mungathe: mbaula ya K80 ndi kasitovu ka mapuleti awiri ka K450. Ngati ndalama ikulola chimodzi, tengani mbaula. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo amene ankadalira sitovu yokha ankagona ndi njala kapena kudya za m'malesitilanti. Koma mbaula yoyaka isagone m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Utsi wa makala suoneka, sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Zotsala ndi zazing'ono koma zikaphatikizana zimaluma: mapoto awiri K350, mbale, makapu, masupuni, mpeni ndi mthiko K150, mabaketi awiri, bafa ndi chigubu cha malita 20 chosungira madzi K250, makatani a salaula K150, loko watsopano K120, chifukwa simukudziwa kuti makiyi akale ali ndi angati, mababu awiri K50, popeza wotuluka amachotsa ake, ayironi K200, neti ya udzudzu K100, tsache ndi mopu K50. Za pulasitiki ndi mapoto zimatchipa ku Kamwala ndi ku City Market kusiyana ndi m'mamolo. Katundu yense wakwana K3,250.

Sofa, firiji ndi wailesi yakanema za pangongole zolipira pamwezi zisakukopeni muli pa miyezi yoyesedwa. Ntchito ikatha, ngongoleyo imatsala.

Chachisanu: chakudya ndi zoyendetsa nyumba masiku 42

Chakudya chigaweni pawiri: chouma chogula kamodzi, ndi chatsiku ndi tsiku. Chouma mugule tsiku lomwe mwalowa m'nyumba, ndalama isanayambe kusungunuka. Munthu mmodzi wodya nsima kamodzi kapena kawiri patsiku amatha makilogalamu 10 mpaka 12 a ufa pamwezi, choncho thumba la unga la makilogalamu 25 limufikitsa miyezi iwiri. Tiike K300. Ufa wa rola umatchipa kuposa wa bulekifasiti ndipo umakhalitsa m'mimba. Kugula timapaketi ta ufa, pamela ija, pa kantemba tsiku lililonse kumaoneka kopepuka, koma mukawerengera pa kilogalamu mumalipira zambiri, ndipo tsiku limene mulibe khobidi mulibenso nsima.

Onjezani saladi malita awiri K130, shuga makilogalamu awiri K75, mchere ndi masamba a tiyi K45, nyemba makilogalamu awiri K100, kapenta K150, soya mapaketi khumi K100, thireyi ya mazira 30 K90, mpunga makilogalamu awiri K70, ndi sopo wosambira ndi wochapira K120. Zouma zonse ndi K1,180. Nyemba ndi kapenta zimatchipa ku msika wa Soweto, koma pitani m'mawa, foni ili m'thumba lakutsogolo. Nyemba zimadya makala, ndiye zinyikeni m'madzi usiku wonse musanaphike. Popanda firiji, nyama ndi nkhuku gulani zongokwana tsiku limenelo, ndipo mazira muyambe ndi amenewo m'masabata awiri oyamba ngati kuli kotentha.

Zatsiku ndi tsiku ndi repu kapena chibwabwa, tomato, anyezi ndi buledi. Pa K20 patsiku, masiku 42 ndi K840. Chakudya chonse ndi K2,020.

Dzenje lobisika ndi chakudya cha masana ku ntchito. Mbale ya nsima ya K40 pa masiku 30 ndi K1,200, kuposa zouma zonse zimene tagula pamwambapa. Anzanu a ku ntchito akamati tiyeni tikadye, iwo analandira mwezi watha. Phikani chochuluka madzulo, mpunga ndi nyemba kapena soya, munyamule m'kabokosi. Mu bajeti iyi sitinaike ndalama ya chakudya chogula masana.

Zoyendetsa nyumba: thumba la makala, amene kuno timati malasha, K300, mayunitsi a ZESCO K150, madzi ndi zinyalala K100, thokutaimu ndi mabandulo K150. Ndi K700. Basi ya ku ntchito, K30 pa masiku 30, ndi K900. Ndalama ya basiyi ikhale payokha, mu envulopu kapena mu nambala ina ya foni, isakhudzidwe. Mukhoza kudya nsima ya soya sabata yathunthu osafa, koma kujomba chifukwa chosowa ya basi muli pa miyezi yoyesedwa kungakuchotseni ntchito.

Kuphatikiza zonse

Kulowa m'nyumba K4,700, ulendo K1,400, katundu K3,250, chakudya K2,020, zoyendetsa nyumba K700, basi ya ku ntchito K900. Zonse ndi K12,970. Pamwamba pake sungani lendi ya mwezi wachiwiri, K1,800, chifukwa masiku 42 akudutsa deti ya lendi, ndipo malipiro akachedwa mwininyumba watsopano sakukudziwani mokwanira kuti akudikireni. Onjezaninso K1,300 ya zadzidzidzi, monga malungo, foni kubedwa m'basi, kapena ulendo wa maliro kumudzi. Tafika pa K16,070. Ndi ndalama yoposa malipiro a miyezi iwiri ya munthu wathu, ndipo ndi pamene ambiri amadzidzimuka.

Ngati muli ndi K10,000 yokha

Dulani motsatana, kuyambira pamene sipapweteka. Nyumba ipezeni kudzera mwa anzanu a ku ntchito, a ku mpingo kapena achibale, kapenanso poyenda wapansi m'komboni n'kumafunsa pa tuntemba. Mwapulumutsa K1,100 ya ajenti. Pemphani kulipira depoziti pawiri, theka lero, theka pa malipiro oyamba, ndipo muonetse kalata ya ntchito. Ndi K900. Sitovu idikire, K450. Mapoto ndi mbale zichokere kunyumba, K500. Ufa, nyemba ndi mpunga mubwere nazo kuchokera ku Chipata, kumene mwina zili m'nkhokwe, K470, koma muwonjezere K100 pa katundu wa m'basi. Mwadula K3,320, mwatsala pa K12,750.

Gawo lotsatira lili ndi ngozi, ndipo lichitike pokhapokha a ku ntchito atakutsimikizirani, makamaka polemba, kuti dzina lanu lalowa pa malipiro a mwezi womwewo. Pamenepo mukhoza kuchotsa lendi yosungira ija, K1,800, n'kuwerengera masiku 30 m'malo mwa 42, zimene zichotsa K240 ya ndiwo ndi K240 ya basi. Mwafika pa K10,470. Simunakwanebe.

Apa musadule chakudya, ya basi kapena ya zadzidzidzi. Dulani nyumba. Chipinda chimodzi cha K1,100 pa msewu womwewo, ndi theka la depoziti K550, ndi K1,650 m'malo mwa K2,700. Bajeti yatsika kufika K9,420, ndipo mwatsala ndi K580. Munthu wa matilesi imodzi ndi mbaula alibe choika m'chipinda chachiwiri. Njira ina ndi kugawana nyumba ndi mnzanu wodalirika, koma dzina lanu lilembedwe papangano, apo ayi tsiku lokangana depoziti yanu ilibe umboni.

Ngati ndalama yaperewerabe, funsani ku ntchito ngati amapereka adivansi kapena thandizo losamukira. Adivansi ilibe chiwongoladzanja nthawi zambiri, koma imadulidwa pa malipiro oyamba, choncho tengani yochepa. Kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu ija, ndiye mupewe. Kutenga K2,000 kuti mudzabweze K3,000 pakutha mwezi kumatanthauza kuti pa K6,850 ija mwatsala ndi K3,850 musanalipire lendi, ndipo mwezi wachiwiri mubwereranso kwa munthu yemweyo. Ngongole za pafoni nazo zimadula zokha ndalama ikangolowa mu nambala yanu, kuphatikizapo ya basi imene munasunga mmenemo.

Achibale kumudzi auzeni musananyamuke kuti mwezi woyamba ndi wachiwiri simutumiza kanthu, mutchule ndi deti imene mudzayambe. Malipiro oyamba akalowa, ali kale ndi eni ake. Kwa munthu wathu wa chipinda chimodzi: lendi K1,100, theka la depoziti lotsala K550, basi K660, chakudya ndi makala pafupifupi K2,000, malaiti, madzi ndi foni K400. Ndi K4,710, kutsala K2,140. Pamenepo K450 ipite ku sitovu ngati mita ikulola, K1,100 ikhale lendi yosungira ya mwezi wotsatira, ndipo K590 yotsalayo iyambe kusonkhanira bedi.